Momwe mungasungire buku la Excel ngati tempuleti ndi kusintha fonti ya mafayilo atsopano

Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse pa shopu yanga pano pa boma la Dedza pamabwera munthu ndi fulashi m'manja, nkhope ili yakugwa. Nkhani yake ndimaidziwa asanakhale n'komwe pansi. Anatsegula fayilo ya mwezi watha, n'kufufuta manambala, n'kuyamba kulemba a mwezi uno, ndiye chala chinathamangira pa Ctrl+S monga mwa chizolowezi. Mwezi watha wapita. Womaliza anali mlembi wa kalabu ina ya alimi a kachewere cha ku Bembeke, yemwe anataya malonda onse a Juni komiti isanawaone. Atakhazikika mtima anafunsanso funso lina lomwe onse amafunsa: bwanji fayilo iliyonse yatsopano imabwera ndi tizilembo ting'onoting'ono, toti atcheya sationa ngakhale atavala magalasi?

Ndayankha mokwanira, tsopano ndilembe kamodzi. Zonsezi ndi za Excel ya pa kompyuta ya Windows, kuyambira ya 2013 kubwera kuno. A pa foni, izi si zanu.

Mawu anayi tigwirizane kaye. Ndikati buku ndikunena fayilo yonse ya Excel, ndipo tsamba ndi limodzi la aja amaoneka m'munsi olembedwa Sheet1, Sheet2. Tempuleti ili ngati chikombole choumbira njerwa: mumaponyamo dothi, njerwa imatuluka, chikombole chimatsala momwe chinalili. Dzina la buku wamba limathera ndi `.xlsx`, la tempuleti limathera ndi `.xltx`, ndipo mukaidina kawiri tempuletiyo Excel imakupatsani buku latsopano lofanana nayo, iyoyo osaikhudza. Fonti ndi kaumbidwe ka zilembo, monga Arial kapena Calibri.

Gawo loyamba: kuyeretsa buku lisanakhale tempuleti

Ndigwiritsa ntchito buku la mlembi uja. Mitu ili pa mzere 4. Kolamu A ndi tsiku, B dzina la mlimi, C matumba, D mtengo wa thumba limodzi, E ndalama zonse, F chopereka cha ku kalabu. Malonda amayambira mzere 5 mpaka 64, ndipo mzere 65 ndi wophatikiza. Mu selo H2 muli 5%, gawo lomwe kalabu imadula. Mafomula a mzere 5 ndi awa:

```
=C5*D5
=E5*$H$2
```

1. Kopani fayilo musanachite china chilichonse. Gwirani ntchito pa kope, fayilo yeniyeni itsekeni. Tikupita kukafufuta zinthu, ndipo magetsi akathima muli pakati simudziwa chomwe chatsala.

2. Fufutani zolembedwa pamanja zokha, mafomula atsale. Sankhani kuyambira A5 mpaka F64. Dinani F5, kenako batani la Special, musankhe Constants, OK. Excel isankha maselo okhawo omwe munthu analembamo ndi zala, mafomula iwalumpha. Dinani Delete pa kiyibodi.

Musalumphe kusankha A5 mpaka F64 kuja. Mukangoima pa selo imodzi n'kupita ku Special, Excel imafufuza tsamba lonse, ndiye mitu ya pa mzere 4 ndi 5% ya mu H2 zipita limodzi. H2 ikakhala yopanda kanthu palibe chomwe chimakuchenjezani, chopereka chimangotuluka 0 mwezi wonse. Komanso musagwiritse Clear All, chifukwa iyo imachotsa ndi mizere ya m'mbali, mitundu ndi kalembedwe ka ndalama, zomwe ndi zomwe tikufuna kusunga.

3. Yang'anani zomwe zatsala, chifukwa apa m'pamene buku limaulula zinsinsi zake. Titafufuta m'buku la mlembi uja, mzere wophatikiza unkasonyezabe matumba 20. Tinafufuza mpaka tinapeza kuti mu C18 analemba `=12+8`, chifukwa mlimi wina anabweretsa matumba maulendo awiri. Kwa Excel chilichonse choyamba ndi chizindikiro cha `=` ndi fomula, ndiye inachisiya. Chikanalowa mu tempuleti, mwezi uliwonse ukanayamba ndi matumba 20 a mizukwa.

Vuto lina linali lotembenuza. Selo E31 inatsala mbee pamene anzake onse ankasonyeza 0. Tsiku lina wina analemba ndalama ndi manja pamwamba pa fomula, mwina wogula atanenerera mtengo, fomula n'kufera pomwepo. Tinakopa E30 n'kuika pa E31. Kuti muone zonsezi mosavuta pitani ku Formulas mudine Show Formulas: tsamba lonse lionetsa mafomula m'malo mwa mayankho, ndipo dzenje lililonse lionekera. Mukatha dinaninso pomwepo kuti libwerere.

4. Konzani zomwe zimafuula buku likakhala lopanda kanthu. Mlembi anali ndi selo yowerengera mtengo wapakati wa thumba, ndalama zonse kugawa ndi matumba onse. Matumba atakhala 0, seloyo inalemba `#DIV/0!`. Sikuti yawonongeka, koma munthu wotsegula koyamba amachita mantha n'kuifufuta. Ilembeni motere:

```
=IF(C65=0,"",E65/C65)
```

Ngati pamwamba pa tsamba munaikapo `=TODAY()` kuti izilemba tsiku, ichotseni. Fomula imeneyi imasintha tsiku lililonse mukatsegula, moti lipoti la Julayi mukalitsegula mu Okutobala lidzanena kuti ndi la Okutobala. Siyani selo yopanda kanthu, wolemba azidina Ctrl ndi `;` pamodzi, zomwe zimalemba tsiku la lero losasinthanso. Mutu wonena kuti "Malonda a Juni" nawo usinthe ukhale "Malonda a mwezi wa:" ndi mpata pambali pake.

5. Fufuzani zobisika. Dinani kumanja kwa mausi pa dzina la tsamba m'munsimo. Ngati Unhide ikudinika, pali tsamba lobisidwa, ndipo nthawi zambiri mumakhala ngongole za anthu ndi mayina awo. Tempuleti imayenda pa mafulashi, imafika ndi kumakalabu ena, choncho zotere zichoke. Mukaona fomula yokhala ndi dzina la fayilo ina m'kati mwake, dziwani kuti ikukatunga manambala ku buku lina, ndipo pa kompyuta ya mnzanu bukulo kulibe.

6. Konzani za kupulinta tsopano, kamodzi. Pa Page Layout, Size ikhale A4, osati Letter, chifukwa mapepala omwe timagula kuno ndi a A4. Pa Print Titles, m'bokosi la Rows to repeat at top, lembani `$4:$4` kuti mitu izibwerezedwa pa pepala lililonse. Mukatha imani pa A5, pomwe wolemba ayenera kuyambira. Excel imakumbukira pomwe munaima posunga, ndipo buku lililonse lobadwa ku tempuletiyo lidzatsegukira pomwepo.

Gawo lachiwiri: kusunga tempuleti ndi kuipezanso

7. Pitani ku File, Save As, Browse. Pa Save as type sankhani Excel Template. Mukangosankha, muona foda yasintha yokha, Excel yalumphira ku Custom Office Templates, yomwe ili m'kati mwa Documents. Isiyeni pomwepo. Lembani dzina lopanda mwezi, monga `Malonda_a_kachewere`, musunge. Ngati buku lanu lili ndi mamakro, timapulogalamu togwira tokha ntchito zobwerezabwereza, sankhani Excel Macro-Enabled Template, ya `.xltm`, apo ayi mamakrowo atayika.

Ena amafuna kudula njira: amangopita pa fayilo n'kusintha dzina kuchoka ku `.xlsx` kukhala `.xltx`. Sizitheka choncho. M'kati mwa fayilo mumalembedwa mtundu wake, ndipo dzina likasemphana ndi zam'katizo Excel imakana kuitsegula.

8. Tsekani nthawi yomweyo. Chomwe chili patsogolo panu mukangosunga ndi chikombole chenichenicho. Mukayamba kulembamo malonda a Julayi n'kudina Ctrl+S, mwabwerera ku vuto lomwe tinayambira lija.

9. Yesani. File, New, ndipo pafupi ndi matempuleti a Office muona mawu akuti Personal. Dinani pamenepo, musankhe yanu. Yang'anani dzina pamwamba penipeni pa windo: liyenera kukhala `Malonda_a_kachewere1`, ndi 1 kumapeto. Ka 1 kameneko ndi umboni woti muli m'buku latsopano. Lembani matumba 12 pa K40,000: E5 itulutse K480,000, F5 itulutse K24,000. Mukadina Ctrl+S, Excel ikufunsani dzina ndi foda, ndiye palibenso njira yofufutira mwezi watha mwangozi.

Personal ikapanda kuoneka, pitani ku File, Options, Save, muone bokosi la Default personal templates location. Likakhala lopanda kanthu lembanimo njira ya ku foda ya Custom Office Templates ija, yomwe mungaikope pamwamba pa windo la fodayo.

Tsiku lomwe komiti idzasinthe chopereka kuchoka pa 5%, mudzafuna kukonza chikombole chenichenicho. Kuidina kawiri sikuthandiza, kumangobala buku lina. Tsegulani Excel kaye, mupite ku File, Open, Browse, mukaitenge ku foda yake. Pamwamba padzalembedwa dzina lopanda 1. Sinthani H2, sungani, tsekani. Mabuku a miyezi yapita sasintha, chifukwa njerwa ikatuluka m'chikombole ubale watha.

Gawo lachitatu: fonti ya mabuku atsopano

Kale, mpaka Excel ya 2003, buku latsopano linkabwera ndi Arial 10. Kuyambira 2007 linayamba kubwera ndi Calibri 11, ndipo omwe ali pa Microsoft 365 tsopano akuona Aptos Narrow, yomwe ndi yopanikizana kwambiri. Pa sikirini imaoneka bwino, koma pepala likamatidwa pa khoma la ofesi ya kalabu, mlimi ataima chapatali kufuna dzina lake, ndi nkhani ina.

10. Njira yachidule. File, Options, General. Pansi pa When creating new workbooks pali Use this as the default font ndi Font size. Pa fonti mupeza palembedwa Body Font. Sankhani Arial, kukula 12, OK. Excel ikuuzani kuti muitseke ndi kuitsegulanso. Tsekani mawindo onse a Excel, osati limodzi lokha, chifukwa apa m'pamene ambiri amanena kuti sizinagwire.

Ndimasankha Arial pa chifukwa chimodzi: ili pa kompyuta iliyonse ya Windows. Excel sinyamula fonti m'kati mwa fayilo, imangonyamula dzina lake. Mukasankha fonti yokongola yomwe munaipeza pa intaneti, kapena Aptos pamene mnzanu wa ku Lizulu ali ndi Office 2016, kompyuta yake iikapo ina yomwe ili nayo, makolamu n'kusokonekera. Ngati mumalemba Malaŵi ndi ŵ wa kadenga, yesaninso chilembo chimenechi mu fonti yomwe mwasankha. Arial, Calibri ndi Times New Roman zili nacho, koma mafonti ambiri okometsera alibe.

Njira yachiduleyi ili ndi malire awiri. Imangosintha fonti ndi kukula kwake basi, za A4 kapena kalembedwe ka kwacha siizidziwa. Ndipo sikhudza mabuku akale kapena tempuleti yomwe tasunga ija. Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyenera kukamba za Normal.

Gawo lachinayi: Normal, pomwe ambiri amalambalala

Selo iliyonse mu Excel imabadwa itavala sitayelo yotchedwa Normal. Sitayelo ndi mtolo wa makonzedwe, fonti, kukula, mtundu ndi kalembedwe ka manambala, wopatsidwa dzina limodzi. Normal ameneyu sakhala mu Excel, amakhala m'buku lililonse payekha. Chomwe mwasintha ku Options kuja ndi Normal yemwe mabuku obadwa mawa adzapatsidwe. Buku la chaka chatha lili ndi Normal wakewake, ndipo limayenda naye kulikonse.

Zomwe anthu amachita n'kudina Ctrl+A, kusankha Arial 12, n'kuganiza kuti zatha. Kumeneko n'kuvala jekete pamwamba pa malaya akale. Onjezani tsamba latsopano m'buku lomwelo, muona Calibri 11 yabwerera. Dinani Clear Formats pa selo ina, Calibri yabwerera. Jekete lavulidwa, malaya ndi omwe aja.

11. Sinthani Normal yemweyo. Tsegulani tempuleti yanu kudzera ku File, Open. Pa Home dinani Cell Styles, mupeze Normal. Musamudine kumanzere. Dinani kumanja kwa mausi, musankhe Modify, kenako Format, mupite pa Font, muike Arial 12, OK, OK.

Mudziwa kuti zagwira poyang'ana m'mphepete: zilembo A, B, C za pamwamba ndi manambala 1, 2, 3 a kumanzere nazo zisintha kaonekedwe n'kukula. Ctrl+A sachita zimenezi. Ndikapatsidwa fayilo ya munthu, pamenepa m'pomwe ndimayamba kuyang'ana kuti ndidziwe njira yomwe anadzera.

12. Konzani zomwe zasuntha. Excel imayeza kutambalala kwa kolamu powerenga kuti mungalowe manambala angati a fonti ya Normal. Pa Calibri 11 kolamu wamba ndi 8.43 ndipo mzere ndi wotalika 15. Normal akakula, muyezo umakula naye, tsamba lonse limafufuma. M'buku la mlembi uja, tebulo lomwe linkakwana pepala limodzi m'lifupi linataya kolamu F ku pepala lachiwiri. Dinani Ctrl+P muone musanasunge. Ngati zatero, pa Page Layout ikani Width pa 1 page, Height muisiye pa Automatic. Mukaona `#####` mu selo, manambala sanatayike, kolamu yangochepa. Dinani kawiri pa malire a kolamuyo pamwamba kuti itambasuke. Koma pa tempuleti yopanda kanthu simungazione zimenezi, ndiye mu selo yopanda fomula ya kolamuyo lembani kaye nambala yaikulu yomwe mukuyembekezera, monga 25,000,000, mutambasule, kenako muifufute.

Maselo ena akana kusintha. Amenewo ndi aja wina anawaveka jekete ndi manja kale. Asankheni n'kuwaika Arial 12 ndi manja omwewo, kapena muwadine Normal kumanzere, podziwa kuti kutero kuchotsanso mizere ya m'mbali, mitundu ndi kalembedwe ka ndalama pa maselowo. Omwe mumagwiritsa masitayelo a Title ndi Heading 1 pa mitu, awo satsatira Normal, amatenga fonti ku Page Layout, Fonts. Pitani kumeneko, Customize Fonts, muike Arial m'mabokosi onse awiri.

13. Kwacha apangireni sitayelo yakeyake. Pali chiyeso choika kalembedwe ka ndalama mu Normal kuti nambala iliyonse izibwera ndi K. Musayerekeze. Matumba 12 adzakhala K12, chaka cha 2025 chidzakhala K2,025. M'malo mwake pitani ku Cell Styles, New Cell Style, dzina likhale Kwacha, muchotse zizindikiro zochonga m'mabokosi onse kupatula Number. Dinani Format, pa Number musankhe Custom, mulembe:

```
"K"#,##0
```

Tsopano makolamu D, E ndi F mungowasankha n'kudina Kwacha. Poti sitayeloyi yangonyamula Number yekha, fonti ndi mizere ya maselowo sizikhudzidwa.

Gawo lachisanu: kuti buku lililonse latsopano lizibwera litakonzeka

Apa ndiye tikufuna kuti ngakhale buku lopanda kanthu, lija mumatsegula kuti muwerengere mtengo wa feteleza mwachangu, lizibwera ndi Arial 12, A4 ndi sitayelo ya Kwacha. Excel ili ndi lamulo lakale: ikapeza tempuleti yotchedwa Book mu foda yotchedwa XLSTART, imaumbira mabuku atsopano pa imeneyo. Dzina ndi foda zonse ziyenera kukhala ndendende, ndipo anthu amagwa pa fodapo.

14. Tsegulani buku latsopano lopanda kanthu. Sinthani Normal monga pa nambala 11, pangani sitayelo ya Kwacha, ikani A4. Musalembemo chilichonse m'maselo. Ngati masitayelo munawakonza kale m'buku lina, litseguleni pambali, mupite ku Cell Styles, Merge Styles, muwakokere kuno.

15. File, Save As, Browse. Tsatirani ndondomeko iyi momwe ilili. Choyamba sankhani Excel Template pa Save as type, Excel ilumphire ku Custom Office Templates monga mwa khalidwe lake. Ikatha kulumpha, m'pamene mudine pa kampata ka pamwamba kosonyeza foda, mufufute zomwe zilipo, mulembe izi n'kudina Enter:

```
%appdata%\Microsoft\Excel\XLSTART
```

Mukatembenuza, kuyamba ndi foda kenako mtundu wa fayilo, Excel ikuchotsani ku XLSTART mwakachetechete n'kukasunga ku Custom Office Templates. Inu muona kuti zasungidwa bwinobwino, koma palibe chisinthe. Mwa anthu omwe amabwera kudzandiuza kuti Book sakugwira ntchito, ambiri ndimakamupeza ali kumeneko. Fodayi musavutike kuisaka ndi mausi, chifukwa AppData ndi yobisika. Windows ikanena kuti XLSTART kulibe, lembani njira yomweyo kulekeza pa Excel, mupange foda yatsopano ya dzina limeneli.

16. Pa File name lembani `Book`, basi. Osati Book1, yomwe Excel imakuikirani yokha, osati Buku. Fayilo ikhale `Book.xltx`. Sungani, mutseke Excel yense.

17. Zimitsani tsamba lolonjera. Iyi ndi mbuna yomaliza. Excel ikamatseguka imakuonetsani tsamba lokhala ndi kabokosi ka Blank workbook, ndipo kabokosi kameneka sikalabadira Book wanu, kamakupatsani buku la ku fakitale. Pitani ku File, Options, General, mutsike m'munsi, muchotse chizindikiro chochonga pa Show the Start screen when this application starts. Kuyambira pamenepo Excel izitsegukira m'buku lanu lokonzeka, ndipo mukafuna lina muzidina Ctrl+N. Njira ina ija yodina kumanja pa desikitopu n'kusankha New, Microsoft Excel Worksheet, nayo siidziwa Book, imakatenga fayilo ina ya Office. Mlembi wa ku Bembeke ankapanga mabuku ake onse mwa njira imeneyi, ndipo zinatitengera kapu ya tiyi yathunthu, m'mawa wozizira wa Julayi uja, kuti tizindikire chifukwa chake zilembo zinkabwerabe zazing'ono.

Kuyesa kwake n'kwachidule. Dinani Ctrl+N, muone ngati bokosi la fonti likunena Arial 12, Cell Styles ili ndi Kwacha, ndipo Size ili pa A4. Dziwaninso kuti Book akakhalapo, ndiye amalamula. Mukadzasintha fonti ku Options mawa n'kuona kuti Ctrl+N sakumvera, sikuti kompyuta yadwala, ndi Book amene ali ndi Normal wake. Mukamukonze iyeyo.

18. Masamba owonjezera. Mukadina `+` m'munsi kuti muonjezere tsamba, fonti ibwera yolondola chifukwa Normal ndi wa buku lonse. Koma makonzedwe a pepala, kutambalala kwa makolamu ndi zolemba za m'munsi mwa pepala ndi za tsamba lililonse palokha, ndiye tsamba latsopano silizitenga. Ngati zimenezi zikukuvutani, tsegulani buku la tsamba limodzi lokha lokonzedwa momwe mukufunira, mulisunge mu XLSTART momwemo ndi dzina loti `Sheet`, likhale `Sheet.xltx`. Ine ndimaika izi pa makompyuta omwe amapulinta tsiku ndi tsiku okha, chifukwa Sheet amalowerera m'buku lililonse lomwe mwaonjezeramo tsamba, ngakhale la eni ake lomwe mwangopatsidwa kuti mukonze.

Mu XLSTART musasungiremo china. Buku wamba lililonse lomwe lagonamo limatseguka lokha nthawi zonse Excel ikayaka, ndipo ndinaonapo ofesi ina komwe ndandanda ya malipiro inkatulukira pa sikirini kwa aliyense woyatsa kompyuta. Fodayi ndi ya dzina lomwe mwalowera pa Windows, choncho ngati msungichuma amalowa ndi dzina lake pa kompyuta yomweyo, mukopereni `Book.xltx` mu XLSTART yake. Kopaninso mafayilo onse atatu pa fulashi, wa malonda uja, Book ndi Sheet, chifukwa tsiku lomwe kompyuta idzapite kokaikidwa Windows yatsopano AppData imapita nayo. Ndipo mukadzatopa nazo n'kufuna Excel ibwerere momwe inabwerera, tsekani Excel, mutsegule XLSTART, muchotsemo `Book.xltx` ndi `Sheet.xltx`.